Makwerero a marezisita opanda mapeto: mita ingawerenge maomu angati?

Mukatsegula wailesi yakale mumaona tizipangizo ting'onoting'ono tokhala ndi mizere yamitundu. Amisiri amatitcha marezisita. Ntchito yake ndi kuletsa magetsi kuti asadutse mwaufulu, ndipo kukana kwakeko kumayezedwa m'maomu, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Jeremani, amene anafalitsa lamulo lake la magetsi mu 1827. Rezisita ya mzere wabulauni, wakuda ndi wofiira ndi ya maomu 1000, ndipo ndiyo tigwiritse ntchito pano.

Pali funso lina limene aphunzitsi a zamagetsi amalikonda. Yalani mawaya awiri, wina pamwamba wina pansi. M'waya wapamwambayo ikani rezisita imodzi, ndipo kutsogolo kwake ikani ina yotsika, yolumikiza waya wapamwamba ndi wapansi. Chimenecho ndi chigawo chimodzi. Kutsogolo kwake ikaninso chigawo china chofanana, kenako china, osalekeza. Pa pepala zimaoneka ngati makwerero ogoneka pansi, n'chifukwa chake anazipatsa dzina limeneli. Tsono mutagunditsa mita pa nsonga ziwiri zoyambira, ingawerenge maomu angati?

Ambiri amayankha msanga kuti marezisita osawerengeka akana magetsi kotheratu. Ena amati ayi, njira zotsikira ndi zosawerengekanso, choncho kukana kutheratu. Onsewa aphonya. Yankho ndi nambala wamba, pafupifupi maomu 1618.

Kuti tifikepo tikufuna malamulo awiri okha. Marezisita akatsatizana m'njira imodzi, maomu awo timangowaphatikiza. Akakhala awiri mbali ndi mbali, kotero kuti magetsi agawikana, timachulukitsa maomu awo n'kugawa ndi chiphatikizo chawo. Awiri a 1000 otsatizana amapereka 2000, koma mbali ndi mbali amapereka 500.

Makwerero okhala ndi mapeto amawerengedwa kuyambira kumapetoko. Chigawo chimodzi chokha ndi 1000 kuphatikiza 1000, ndiye 2000. Tikaika chigawo chachiwiri kumayambiriro kwake, 2000 uja amakhala mbali ndi mbali ndi rezisita yotsika ya 1000, zomwe zikupereka 667, ndipo tikaonjeza yapamwamba tipeza 1667. Zigawo zitatu zimapereka 1625, zinayi 1619, zisanu 1618. Nambala ikukhazikika, koma njira imeneyi imafuna poyambira, ndipo makwerero athuwa alibe chigawo chomaliza choti tiyambirepo.

Nzeru yake ndi kuleka kufunafuna mapetowo. Tiyeni titche kukana kwa makwerero onse X, ngakhale sitikukudziwa. Dulani chigawo choyamba, muyang'ane chotsalacho. Ndi makwerero a marezisita omwewo, olumikizidwa mofanana, ndiponso opanda mapeto. Palibe chowasiyanitsa ndi amene tinayamba nawo, choncho kukana kwawo ndi X yemweyo. Zili ngati mzere wa anthu umene ulibe womaliza: woyamba akachoka, mzerewo sunafupike. Ndiye kuti marezisita osawerengeka aja tingawachotse n'kuika imodzi yokha ya X. Patsala zinthu zitatu basi: rezisita yapamwamba R, kenako yotsika R imene ili mbali ndi mbali ndi X.

```
X = R + R·X / (R + X)
X² − R·X − R² = 0
X = R·(1 + √5) / 2 ≈ 1.618·R
```

Mzere wachiwiriwo umabwera tikachulukitsa mbali zonse ndi `R + X` n'kusonkhanitsa zofanana. Samu yamtunduwu ili ndi mayankho awiri. Lina ndi `−0.618·R`, ndipo timalitaya chifukwa marezisita wamba, ngakhale muwalumikize motani, sangakhale ndi kukana kotsika kuposa ziro. Tingayese yankho lathu polibweza m'samuyo: 1000 mbali ndi mbali ndi 1618 zikupereka 618, kuphatikiza 1000 zikubwerera pa 1618.

Nambala ya 1.618 ndi yodziwika kwa okonda masamu. Maomu tinapeza aja, tikawagawa ndi 1000, ndi 2/1, 5/3, 13/8, 34/21 ndi 89/55, ndipo nambala zonsezi zili mu mndandanda wa Fibonacci, momwe nambala iliyonse ndi chiphatikizo cha ziwiri za m'mbuyo mwake.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi malo amene ophunzira ambiri amadumpha. Pamene tinati "tiyeni titche X", tinavomereza kale kuti nambala yoteroyo ilipo. Si nthawi zonse imakhalapo. Tsatizani marezisita m'waya umodzi popanda zotsikira, muganize chimodzimodzi: mupeza `X = R + X`, samu yopanda yankho, chifukwa kukanako kumangokulirakulira. Choncho kufanana kwa chotsala ndi chonse kumangotiuza chimene yankho liyenera kukhala ngati lilipodi. Kuti lilipo, tiyenera kutsimikiza padera.

Pa makwerero athu chitsimikizo chake n'chooneka ndi maso. Yesani mapeto awiri osiyana kotheratu. Tikasiya mapeto osalumikiza, taona kale kuti nambala zimatsika: 2000, 1667, 1625, 1619. Tikagunditsa mawaya awiriwo kumapeto, kotero kuti rezisita yotsika yomaliza yalambalalidwa, nambala zimakwera: 1000, 1500, 1600, 1615. Rezisita iliyonse imene mungaike kumapeto idzapereka nambala ya pakati pa ziwirizi, ndipo mpata wake umachepa pafupifupi kasanu n'kawiri pa chigawo chilichonse choonjezedwa. Ina ikutsika, ina ikukwera, zikukakumana pa 1618.

Chifukwa chake chili m'mene magetsi amathera m'njira. Lumikizani mavoti 10 kumayambiriro. Mwa maomu 1618 aja, 1000 ali pa rezisita yoyamba ndipo 618 ali pa zotsala zonse, ndiye pa mfundo yoyamba pamafika mavoti 3.82 okha. Pa yachiwiri pamafika 1.46, pa yachitatu 0.56, pa yachinayi 0.21. Chigawo chilichonse chimapatsira chinzake magawo 38 pa 100 a zimene chalandira. Pofika chigawo chakhumi patsala zosakwana gawo limodzi pa magawo 1000 a voti imodzi, ndipo chimene chikuchitika kumeneko mita ya kumayambiriro singachimve. Richard Feynman anagwiritsa ntchito ganizo lomweli m'buku lachiwiri la maphunziro ake a fizikisi, la mu 1964, pofotokoza makwerero a makoilo ndi makapasita amene amasefa masiginolo.

Cholakwika china chofala n'kuloweza 1.618 osayang'ana chithunzi. Makwerero akayamba ndi rezisita yotsika, yankho ndi `0.618·R`. Waya wapansi ukakhalanso ndi rezisita pa chigawo chilichonse, samu imayamba ndi `2R`, ndipo yankho limakhala `R·(1 + √3)`, pafupifupi maomu 2732. Podula, dulani chigawo chathunthu, kuti chotsalacho chiyambe ndendende mmene makwerero onse ayambira. Mukadulira pakati pa chigawo, chotsalacho si X.

Amene ali ndi mita angayese zimenezi ndi marezisita khumi a maomu 1000, zigawo zisanu. Samu ikulonjeza 1618, koma rezisita ya mzere wachinayi wagolide imaloledwa kuphonya ndi magawo 5 pa 100, choncho mita ikhoza kuonetsa paliponse pakati pa 1537 ndi 1699. Kuphonyako kochuluka kumachokera ku rezisita yoyamba yapamwamba, ndiye yezani onse khumi kaye, muike kumayambiriro amene ali pafupi kwambiri ndi 1000. Mita ikaonetsa pafupifupi 2000, waya waduka kutsogolo kwa chigawo choyamba. Ikaonetsa pafupifupi 1000, mfundo yoyamba yagunda waya wapansi.