Kasitomala Akakalipa Pagulu

Tiyerekeze kuti mumagulitsa nsapato ku Lilongwe, ndipo mwaika chithunzi pa Facebook cholengeza kuti mitengo yatsika. Pasanathe ola, wina walemba pansi pake kuti: "Akuba inu! Ndinalipira K35,000 sabata yatha, mpaka lero nsapato sizinafike kuno ku Mzuzu. Foni simukuyankha."

Mtima ukamawira, chala chimathamangira kufufuta mawuwo. Musatero. Munthu wokwiya kawirikawiri amakhala atajambula kale zimene walembazo, ndipo akaona kuti zasowa, amakazimwaza m'magulu a WhatsApp n'kuwonjezera mlandu wachiwiri, woti mukubisa. Batani la Hide nalo silithetsa nkhani: mawuwo amabisika kwa anthu ena, koma mwiniwake ndi anzake amawaonabe. Lisungireni otukwana zolaula ndi oika manambala achinyengo, osati munthu amene ndalama yake munalandira.

Musanalembe kanthu, fufuzani. Onani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati K35,000 ija inalowadi, tsiku lanji, ndiponso ngati katunduyo anaperekedwa kwa onyamula. Mphindi zochepa zimenezi ndi zimene zimakuuzani choyankha. Mukapeza kuti phukusi linatsala pashelefu, yankhani pomwepo, poyera:

"Pepani kwambiri achimwene. Ndalama yanu tinailandira, koma phukusi silinatumizidwe, kulakwa n'kwathu. Linyamuka mawa m'mawa, ndipo mtengo wotumizira tilipira ife. Mukafuna, tikubwezerani ndalama yonse lero. Takutumizirani uthenga wapadera kuti titsimikizirane malo olandirira."

Taonani kuti yankholi silinatsutse mawu akuti "akuba". Sikuti mawuwo sapweteka. Amapweteka ndithu, makamaka kwa munthu amene geni yake anaiyamba ndi thukuta. Koma amene akuwerenga mwakachetechete, ena a iwo ali ndi ndalama m'manja, sakufuna kudziwa wopambana pa mkangano. Akufuna kuona chimene chidzawachitikire iwowo katundu wawo akadzachedwa. N'chifukwa chake "tikambirane kumbali" payekha sakwanira. Amamveka ngati mukumukokera munthu kuseri kuti mukamutseke pakamwa. Poyera nenani chalakwika ndi tsiku lokonza. Kumbali kupite manambala a foni, malisiti ndi adiresi basi.

Nanga ndalamayo ikapanda kuoneka? Apa ambiri amapsa mtima n'kumutchula munthu wabodza, pomwe mwina anatumiza ku nambala ya wakuba amene akugwiritsa ntchito dzina la bizinesi yanu. Lembani modekha kuti malipirowo simunawapeze, mupempheni nambala ya chitsimikizo imene imabwera mu uthenga wa malipiro, ndipo kumbutsani onse nambala yanu yeniyeni.

Akapitiriza kukalipa mutamuyankha kale, musabwezerane naye mawu. Dikirani nsapato zifike, kenaka mubwerere pamalo omwewo mukalembe kuti phukusi lalandiridwa ku Mzuzu Lachinayi, monga munalonjezera.