Mafayilo 10 Onse Dzina Lake C0001: Mmene Akonzi a Filimu Amasungira Kanema Wochuluka

Mu Januwale 1969, ajambuli anatsatira oimba a gulu la The Beatles ku London kwa masabata angapo pamene ankapeka nyimbo, kukangana ndi kuseka. Anasiya kanema wa maola pafupifupi 60 ndi matepi a mawu a maola oposa 150. Patapita zaka 50, Peter Jackson ndi mkonzi wake Jabez Olssen analowa m'mulu umenewo n'kutulutsamo filimu ya Get Back, yomwe inaonetsedwa mu 2021 ndipo ndi ya maola pafupifupi 8. Amene anaionera akukumbukira kuti pamabwera kalendala yosonyeza tsiku lililonse nkhani isanapitirire. Tsiku ndilo linali msana wa filimu yonseyo, ndipo tsiku ndilonso poyambira pa mkonzi aliyense amene wapatsidwa kanema wochuluka kuposa amene mutu wake ungakumbuke.

Vuto limayambira m'kamera momwemo. Kamera siidziwa chimene yajambula, imangowerenga manambala. Makamera ambiri a Sony amatcha kanema woyamba `C0001.MP4`, diloni ya DJI yakale imalemba `DJI_0001.MP4`, ndipo chojambulira mawu cha Zoom chimalemba `ZOOM0001.WAV`. Pamakina ambiri, munthu akafufuta khadi kuti aligwiritsenso ntchito, manambala amayambiranso pa 1. Amene wajambula masiku 10 akhoza kubwerera kunyumba ndi mafayilo 10 osiyana, onse dzina lake `C0001.MP4`.

Tiyerekeze kuti anthu atatu apita kunyanja ku Mangochi kukajambula filimu ya asodzi a usipa. Atenga makamera awiri, diloni ndi chojambulira mawu, ndipo akhala kumeneko masiku 10. Makamera onse pamodzi akujambula maola atatu patsiku. Kanema wa 4K wojambulidwa pa mamegabiti 100 pa sekondi amadya magigabaiti pafupifupi 45 pa ola, choncho maola 30 adzadza magigabaiti 1,350. Pamenepa m'pofunika disiki ya materabaiti awiri, komanso ina yofanana nayo yosungira kope lachiwiri. Filimu yomaliza ikakhala ya mphindi 30, ndiye kuti pa mphindi 60 zilizonse zojambulidwa, imodzi yokha ndiyo idzaonekere. Ntchito yaikulu ya mkonzi ndi kupeza mphindi imeneyo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake malo ndi maina zili nkhani, ayenera kudziwa chinthu chimodzi chimene ongoyamba kumene ambiri sachidziwa. Pulogalamu yokonzera kanema, kaya ndi Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, nthawi zambiri siimeza kanemayo. Imangolemba adiresi yake: disiki yakuti, foda yakuti, fayilo yakuti, kuyambira sekondi iyi kulekeza sekondi iyo. N'chifukwa chake fayilo ya pulojekiti imakhala yaing'ono kwambiri ngakhale kanema wake atadzaza disiki. Wina akasuntha fayilo kapena kusintha dzina la foda, adiresi ija imaloza pomwe palibe kanthu, ndipo pasikirini pamabwera chikwangwani chofiira cholembedwa `Media Offline`.

Choncho mafoda a padisiki amakonzedwa kamodzi, kanema asanalowe m'pulogalamu, ndipo sakhudzidwanso. Ajambuli a ku Mangochi aja angawayale motere:

```
USIPA_2025/
  01_KANEMA/20250603/A001/
  02_MAWU/20250603/S001/
  03_NYIMBO/
  04_ZITHUNZI/
  05_PULOJEKITI/
  06_ZOTULUTSA/
```

Manambala a kumayambiriro amachititsa kuti mafoda aziima m'ndondomeko imene mwini wake akufuna. Tsiku limalembedwa kuyambira chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, chifukwa kompyuta imasanja maina poyang'ana chilembo choyamba. Wolemba `03-06` ndi `28-05` adzapeza kuti Juni watsogola Meyi, koma `20250528` ndi `20250603` zimaima bwino zokha. Chilembo `A` ndi kamera yoyamba, `B` yachiwiri, ndipo `001` ndi khadi loyamba. Nambala ya khadi siibwerezedwa: ngati tsiku loyamba lathera pa `A002`, tsiku lachiwiri liyambira pa `A003`. Maziro a kutsogolo nawonso ali ndi ntchito, popeza mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2.

Onani kuti m'mafodamo mulibe mawu onena zimene zajambulidwa, monga ngalawa kapena msika. Foda ya padisiki imayankha mafunso awiri okha: zinajambulidwa liti, ndipo zinachoka pa khadi liti. Mayankho amenewa sasintha mpaka kalekale. Khadi limakopedwa lonse lathunthu, ndi timafayilo tonse tooneka ngati topanda ntchito, chifukwa makamera ena amasungamo nthawi ndi zina zofunika. Pa Sony, mwachitsanzo, `C0001.MP4` amayenda ndi mnzake `C0001M01.XML`.

Kukopa nakonso kuli ndi msampha wake. Magetsi akathima kapena chingwe chikagwedezeka pakati pa ntchito, fayilo ikhoza kuoneka kuti ilipo koma ili yoduka, ndipo zimadziwika patapita milungu, khadi litafufutidwa kale. Akatswiri amakopa ndi pulogalamu imene imafananiza kope ndi zimene zili pakhadi ikamaliza, monga ShotPut Pro kapena `Clone Tool` ya mu DaVinci Resolve. Khadi silifufutidwa kufikira kanema atakhala pa madisiki awiri osachepera. Lamulo lodziwika m'ntchitoyi limati makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kumalo ena, kuti akuba kapena moto zisatenge zonse usiku umodzi.

Nanga mafayilo 10 a dzina limodzi aja? Ngozi yake imaoneka tsiku limene disiki yasinthidwa, kapena Windows yapatsa disiki chilembo `F:` m'malo mwa `E:`. Pulogalamu imayamba kufunafuna `C0001.MP4`, n'kupeza woyamba amene yakumana naye, n'kumulumikiza. Chikwangwani chofiira chimachoka ndipo zonse zimaoneka ngati zili bwino. Koma poonera, pamene panali mayi akuyanika usipa pathandala pakuoneka ngalawa usiku, kwinaku mawu a mayiyo akumveka. Mu Premiere Pro, ngati fayilo yolakwikayo ndi yaifupi, pa thaimulaini pamaoneka timizere topendekera posonyeza kuti kanema waperewera. Vutoli ndi loipa kuposa chikwangwani chofiira, chifukwa likhoza kubisala m'kati mwa filimu mpaka mwini ntchito ataliona yekha.

Mankhwala ake ndi kupatsa fayilo iliyonse dzina limene silidzapezekanso kwina, monga `20250603_A001_C0001.MP4`. Dzina lakale la kamera limasiyidwa kumapeto kuti fayilo izitha kulondoledwa. Njira yabwino koposa ndi kuuza kamera yeniyeniyo kuti iziyamba maina ndi tsiku kapena chilembo chake, ndipo makamera ambiri atsopano amalola zimenezi. Ngati maina asinthidwa pakompyuta, zichitike kanema asanalowe m'pulogalamu komanso asanapangidwe makope opepuka amene ena amagwiritsa ntchito kompyuta ikakhala yofooka. Pali malire: makadi a mtundu wa AVCHD, omwe mafayilo ake amayambira pa `00000.MTS`, amadalira ndondomeko ya mafoda ake, ndipo kusintha maina m'katimo kumasokoneza zidutswa za kanema wautali. Pamenepo dzina lapadera limaperekedwa kwa foda ya khadi yokha. M'maina onse ndi bwino kupewa zizindikiro monga `/`, `:` ndi `?`, zomwe Windows imakana, komanso mafoda olowerana kwambiri, popeza mapulogalamu ambiri a Windows amalephera adiresi ikapitirira zilembo 260.

Tsopano kanema walowa m'pulogalamu, ndipo apa m'pamene bini imagwira ntchito. Dzinali linachokera m'nthawi ya filimu ya m'mipukutu, pamene akonzi ankadula filimu ndi manja n'kukoleka zidutswa pa timisomali pamwamba pa chidebe chokutidwa ndi nsalu kuti zisakalike. Bini ya lero imaoneka ngati foda, koma ili m'pulogalamu mokha. Kusuntha kanema kuchoka m'bini ina kupita m'bini ina sikukhudza fayilo ya padisiki, ndipo dzina lolembedwa m'bini ndi chikwangwani chabe.

Ufulu umenewu ndiwo umalola bini kuyankha funso lachitatu: muli chiyani m'kanemayu? Mkonzi wa filimu ya usipa amayamba ndi mabini ofanana ndi mafoda a padisiki, tsiku ndi tsiku, kuti aone ngati zonse zalowa. Akatero amaonera maola 30 onse aja n'kutsegula mabini ena motsatira nkhani: kukonzekera madzulo, nyali panyanja, kukoka chilimira, kufika pagombe m'mamawa, pathandala, pamsika. Aliyense wofunsidwa mafunso amakhala ndi bini yake, ndipo dzina la chidutswa limanena za m'kati, monga `Msodzi2_mtengo_wa_mafuta`. Chidutswa chimodzi chikhoza kuoneka m'mabini awiri popanda kudya malo owonjezera padisiki. Ngati ena alankhula Chiyao ndipo mawu awo akudikira womasulira, zidutswa zawo zimapatsidwa mtundu wake, mwina wachikasu, kuti ziziwoneka msanga.

Bini ikafika poti munthu amatsetsereka nayo kwa nthawi osafika pansi, ndiye kuti yakula ndipo iyenera kugawidwa. Mapulogalamu alinso ndi mabini odzidzaza okha, `Smart Bins` mu Resolve ndi `Search Bin` mu Premiere Pro: munthu akalemba liwu lakuti `thandala` pa zidutswa, zonse zimasonkhana pamodzi ngakhale zinajambulidwa masiku osiyana. Koma mabini amenewa amangopeza zimene munthu analemba. Wolemba `thandala` lero ndi `tandala` mawa adzapeza theka lokha, n'chifukwa chake gulu limagwirizana mndandanda wa mawu ntchito isanayambe.

Chotsala ndi maina a filimu yomwe ikukonzedwayo. Pafupifupi mkonzi aliyense anaonapo foda yokhala ndi `final`, `final2` ndi `final_yeniyeni`, ndipo palibe amene akudziwa imene inatumizidwa. Njira yosavuta ndi manambala: `USIPA_v01`, `USIPA_v02`. Asanasinthe chachikulu, mkonzi amakopa thaimulaini, n'kukweza nambala, n'kuika yakaleyo m'bini ya zakale. Fayilo yotumizidwa kwa mwini ntchito imatenga nambala yomweyo. Akaimba foni kunena kuti chiyambi cha sabata yatha chinali bwino, mkonzi amangofunsa nambala ya fayilo imene anaonera.

Pali njira yoyesera ngati zonsezi zagwira. Mkonzi apereke disiki kwa mnzake amene sanapite ku Mangochi, n'kumupempha kuti apeze pamene asodzi akukoka chilimira tsiku lachinayi, pa kamera yachiwiri. Mnzakeyo akalowa m'foda ya `20250606`, n'kutsegula khadi loyamba ndi `B`, kapena akalipeza m'bini ya chilimira popanda kufunsa, ntchitoyo ingapitirire ngakhale mkonzi atadwala. Akayamba kutsegula mafayilo limodzilimodzi, ndi bwino kuima n'kukonza mabini nthawi yomweyo, kanema asanadulidwe.