Masabata awiri okonzekera mafunso a ndalama ndi nthawi

Aliyense amene anasungako ndalama ku banki mkhonde amadziwa kuti K100,000 ya lero imaposa K100,000 ya chaka chamawa, chifukwa ya leroyi mutha kuikongoza n'kubereka chiwongoladzanja. Mutu umene umatsegula maphunziro a kayendetsedwe ka chuma cha makampani wagona pa mfundo yomweyi. Komabe ophunzira ambiri, kaya a kuyunivesite kapena olemba mayeso a ICAM ndi ACCA, amataya malikisi pamutuwu ngakhale mafomula ataloweza onse. Chimene chimawagwetsa n'chakuti sanaone bwino kuti ndalama iliyonse ikulowa kapena kutuluka liti. Ngati mayeso atsala masabata awiri, ndondomeko yanu ilimbane ndi vuto limeneli, ndipo maola awiri patsiku ndi okwanira.

Masiku awiri oyamba, gwirani ndalama imodzi yokha. Jambulani mzere papepala, lembani 0 kumanzere kuimira lero, kenako 1, 2, 3 kuimira kutha kwa chaka chilichonse. K100,000 yoikidwa pa 0, pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti, imafika K110,000 pa 1, K121,000 pa 2 ndi K133,100 pa 3. Kupita kutsogolo mumachulukitsa, kubwerera m'mbuyo mumagawa:

```
FV = PV × (1 + r)^n
PV = FV ÷ (1 + r)^n
```

PV ndi mtengo wa ndalamayo lero, FV ndi mtengo wake mtsogolo, r ndi chiwongoladzanja cha nyengo imodzi, n ndi chiwerengero cha nyengozo. Yankhani mafunso pafupifupi makumi awiri, ena ofuna FV, ena PV, ena r kapena n. Ndi osavuta, koma musadumphe kujambula mzere pa lililonse, chifukwa mukufuna dzanja lizolowere.

Tsiku lachitatu ndi lachinayi ndi a ndalama zofanana zolipiridwa mobwerezabwereza, zimene mabuku amati anyuwiti, monga lendi kapena kubweza ngongole mwezi ndi mwezi.

```
PV = PMT × [1 − (1 + r)^−n] ÷ r
```

Fomulayi ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulisunga kuposa zilembo zake: yankho lake limagwera nyengo imodzi malipiro oyamba asanachitike. Tiyeni tione. Kampani ikuyembekeza kulandira K500,000 chaka chilichonse kwa zaka zinayi, ndalama yoyamba ikubwera pakutha kwa chaka chachitatu, ndipo chiwongoladzanja ndi 10 peresenti. Fomula ikupereka K1,584,933. Koma ndalama imeneyi si ya lero. Popeza malipiro oyamba ali pa 3, yankholi lakhala pa 2, choncho muyenera kulibweza zaka ziwiri pogawa ndi 1.21, n'kupeza K1,309,862. Wophunzira amene sanajambule mzere amangoona mawu akuti chaka chachitatu n'kugawa ndi 1.331, ndipo amapeza K1,190,783. Yankho lolakwikali limaoneka labwinobwino, ndipo olemba mafunso amakonda kuliika pakati pa mayankho osankha. Malipiro osatha, amene mtengo wake ndi PMT ÷ r, amatsatanso lamulo lomweli, ndiye aphatikizeni pa masiku omwewa.

Tsiku lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi ndi amene ine ndingawapatse mphamvu zambiri: kugwirizanitsa chiwongoladzanja ndi nyengo. Tinene kuti wamalonda wakongola K2,000,000 ku banki pa 24 peresenti pachaka, yowerengeredwa mwezi ndi mwezi, ndipo abweza mofanana kumapeto kwa mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Nyengo pano ndi mwezi, ndiye r ndi 24 kugawa ndi 12, yomwe ndi 2 peresenti, ndipo n ndi 12. Mbali ya fomula yochulukitsa PMT ikutuluka 10.5753, ndipo K2,000,000 kugawa ndi nambala imeneyi ndi K189,119 pamwezi.

Musaimire pomwepo. Lembani mizere itatu kapena inayi ya mmene ngongoleyo ikutsikira. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K40,000, zotsala K149,119 zikudula ngongole, ndipo yatsala K1,850,881. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chatsika kufika K37,018, chifukwa chikuwerengeredwa pa ngongole yocheperapo. Kenako sinthani funsolo nokha. Wamalondayo akamalipira kumayambiriro kwa mwezi, malipiro amatsika kufika K185,411, yomwe ndi K189,119 yogawidwa ndi 1.02. Ndipo 2 peresenti pamwezi ikadziunjika miyezi 12 imafika 26.82 peresenti pachaka, kuposa 24 yolembedwa pa pangano. Nambala imeneyi ndi imene mumagwiritsa ntchito poyerekeza ngongole ziwiri zowerengeredwa mosiyana.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mwasokoneza? Mukaika 24 peresenti pamodzi ndi n ya 12, mupeza malipiro a pafupifupi K519,000 pamwezi. Chulukitsani ndi 12: ndalama zoposa K6 miliyoni pa ngongole ya K2 miliyoni m'chaka chimodzi. Ameneyo ndi katapila, si banki ya 24 peresenti. Kuyesa yankho motere kumatenga masekondi ochepa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri musaphunzire chatsopano. Bwerezani mafunso onse amene munalakwa, osayang'ana mayankho, ndipo patsamba limodzi lembani chifukwa cha cholakwa chilichonse: nyengo, chiwongoladzanja, tsiku la malipiro oyamba, kapena kudina. Nthawi zambiri mudzaona kuti ndi cholakwa chimodzi kapena ziwiri zimene zikungobwerera.

Sabata yachiwiri iyambe ndi ndalama zosafanana, chilichonse chobwezedwa pachokha kufika pa 0, zomwe ndi maziko a NPV. Apa ndi pomwenso mukonze zida zanu. Funsani msanga kuti ndi kakyuleta yanji yololedwa m'chipinda cha mayeso, ndipo muziyeserera ndi yomweyo. Pa BA II Plus, dinani 2ND kenako CLR TVM musanayambe funso lililonse, chifukwa nambala za funso lapita zimatsalira mkati. Ikani P/Y pa 1, ndipo onani ngati BGN ikuoneka pagalasi pamene funso likunena za kumapeto kwa nyengo. Ndalama yotuluka imalowa ndi chizindikiro chochotsera. Mukapatsa PV ndi FV chizindikiro chimodzi n'kufunsa I/Y, makinawo amangolemba Error 5. Ogwiritsa ntchito Excel akumbukire kuti =NPV() imatenga nambala yoyamba ngati ya pa 1, ndiye ndalama ya pa 0 imaphatikizidwa kunja kwa fomula. Ngati mayeso anu amapereka matebulo, monga a ACCA, yankho litha kusiyana pang'ono ndi la kakyuleta chifukwa nambala za m'tebulo ndi zofupikitsidwa. Zimenezo zisakutayitseni nthawi.

Kuyambira tsiku la 10 mpaka la 12, sakanizani mafunso. Kuyankha mafunso khumi a anyuwiti motsatizana kumanyenga, chifukwa mutu wa tsambalo wakuuzani kale njira, pamene pa mayeso palibe wokuuzani. Tengani mapepala a mayeso akale, dzipatseni nthawi yofanana ndi ya mayeso enieni, ndipo musanadine kalikonse lembani mzere, nyengo ndi r. Tsiku la 13 lembani pepala lathunthu mutatseka mabuku ndi foni, n'kudzichonga mosadzimvera chisoni.

Tsiku lomaliza ndi lopepuka. Werengani tsamba la zolakwa lija, yankhani mafunso asanu a mtundu umene wakhala ukukuvutani, onani batire la kakyuleta, ndipo mugone msanga.