Deluta ya opushoni ndi mmene woigulitsa amadzitchinjirizira ndi masheya

Opushoni ndi pangano lopatsa munthu ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pa mtengo umene agwirizana lero, pofika tsiku limene aika. Woigula amalipira ndalama pang'ono pachiyambi, ndipo tsikulo likafika amasankha yekha: zikamuyendera amagwiritsa ntchito ufuluwo, zikapanda kutero amangousiya. Woigulitsa alibe mwayi wosankha. Walandira ndalama, ndiye ayenera kuchita zimene wogulayo angafune. Maopushoni alipo amitundu iwiri. Yopatsa ufulu wogula masheya imalembedwa kuti `call` pa makompyuta a misika, ndipo yopatsa ufulu wogulitsa imalembedwa kuti `put`. Malonda amenewa anakula kwambiri kuyambira mu 1973, pamene msika wa Chicago Board Options Exchange unatsegulidwa ku America. M'chaka chomwecho Fischer Black ndi Myron Scholes anafalitsa njira yowerengera mtengo wa opushoni, ndipo Robert Merton anaikulitsa. Pa misika ya ku America kontirakiti imodzi nthawi zambiri imakhala ya masheya 100.

Mtengo wa opushoni umatsatira mtengo wa sheya, koma sutsatira ndendende. Deluta ndi nambala yonena kuchuluka kwa kutsatirako: sheya ikakwera ndi dola imodzi, opushoni ikwera kapena kutsika ndi zingati? Imalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki Δ. Opushoni yogulira yokhala ndi deluta ya 0.53 imakwera ndi masenti pafupifupi 53 sheya ikakwera ndi dola imodzi, ndipo imatsika chimodzimodzi sheyayo ikatsika.

Deluta ya opushoni yogulira imakhala pakati pa 0 ndi 1. Ngati sheya ili pansi kwambiri pa mtengo wa pangano, palibe amene akuyembekeza kuti ufuluwo udzagwira ntchito, choncho opushoni sigwedezeka kwenikweni ndipo deluta imayandikira 0. Ngati sheya yapitirira kutali mtengo wa pangano, opushoni imayenda ngati sheya yeniyeni ndipo deluta imayandikira 1. Mitengo iwiriyo ikafanana, deluta imakhala cha m'ma 0.5. Opushoni yogulitsira imayenda mosemphana ndi sheya, ndiye deluta yake imakhala pakati pa -1 ndi 0. Sheya yokha deluta yake ndi 1 nthawi zonse, chifukwa ikakwera ndi dola imodzi mwini wake wapindula dola imodzi. Amalonda ambiri amatenganso deluta ngati chiyerekezo cha mwayi woti opushoni idzathera popindula. Zimenezi zimathandiza poganiza mwachangu, ngakhale kuti pa masamu enieni ziwirizi zimasiyanako.

Kwa munthu wogulitsa opushoni chizindikiro chimatembenuka. Chimene wogula wapindula ndi chimene iye waluza. Chitsanzo chingakhale cha wamalonda amene wagulitsa makontirakiti 10 a opushoni yogulira, kutanthauza masheya 1,000. Sheya ili pa madola 50, mtengo wa pangano ndi madola 50, nthawi yatsala miyezi itatu, ndipo msika ukuyerekeza kuti sheyayo imagwedezeka ndi 30 peresenti pachaka. Pongosiya chiwongoladzanja ndi magawo a phindu amene kampani imapereka, njira ya Black ndi Scholes ikupereka mtengo wa madola atatu pa sheya iliyonse ndi deluta ya 0.53. Wamalondayo walandira madola 3,000, koma deluta yake tsopano ndi 1,000 kuchulukitsa ndi -0.53, yomwe ndi -530. Dola iliyonse imene sheya ikwere imudyera madola pafupifupi 530, ndipo mtengo wa sheya ulibe denga.

Podzitchinjiriza amagula masheya 530 a kampani yomweyo, zimene zimamutengera madola 26,500. Masheyawo akumupatsa deluta ya 530, opushoni ikumupatsa -530, zonse pamodzi zikupanga 0. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri imene yaima chilili chifukwa kulemera kwafanana. Sheya ikakwera ndi masenti 20, opushoni imene anagulitsa imadula ndi madola 106 ndipo masheya ake amapindula madola 106. Ikatsika ndi masenti 20, masheya amaluza 106, koma ngongole yake ya opushoni yachepanso ndi 106. Lamulo lake ndi lalifupi: chiwerengero cha masheya ofunika ndi deluta kuchulukitsa ndi masheya amene ali m'pangano.

Ena amadabwa chifukwa chake sangogula masheya onse 1,000 n'kukhala phee, poti ndiwo adzafunike wogula akadzabwera. Njira imeneyo ilipo ndithu, ndipo anthu ambiri amaigwiritsa ntchito, koma imatseka khomo limodzi n'kusiya lina pululu. Deluta yake imakhala 1,000 kuchotsa 530, kutsala 470. Sheya itagwa kufika pa madola 40, masheya ake aluza 10,000 pamene m'manja ali ndi 3,000 yokha imene analandira. Munthu wotero wabetcha kuti sheya sigwa. Wodzitchinjiriza ndi deluta safuna kubetcha mbali iliyonse.

Amene wagulitsa opushoni yogulitsira amachita zosemphana. Pa mitengo yomweyi deluta ya opushoni yotero ndi -0.47, kutanthauza deluta ya yogulira kuchotsa 1. Akaigulitsa pa masheya 1,000 amakhala ndi deluta ya 470, ndipo chimene chimamupweteka ndi kugwa kwa sheya. Choncho amabwereka masheya 470 kudzera kwa buloka n'kuwagulitsa, kuti adzawagulenso pambuyo pake pobweza. Kubwerekako kuli ndi malipiro ake, ndipo masheya ena savuta kupeza pomwe ena amasowa.

Vuto lalikulu la njira yonseyi ndi lakuti deluta sikhazikika. Imasintha sheya ikayenda, ndipo liwiro la kusinthako limatchedwa gama. M'chitsanzo chija gama ndi pafupifupi 0.05, kusonyeza kuti sheya ikakwera ndi dola imodzi deluta imachoka pa 0.53 kufika cha m'ma 0.58. Sheya ikangodumpha kufika pa madola 54 wamalonda asanachite kanthu, opushoni imafika pa madola 5.50. Waluza 2,500 pa opushoni, wapindula 2,120 pa masheya 530, ndipo wasala ndi chibowo cha madola 380. Ikagwa kufika pa 46, opushoni imatsika kufika pa 1.30. Wapindula 1,700 pa opushoni koma waluza 2,120 pa masheya, chibowo cha madola 420. Mbali zonse ziwiri waluza. Pokwera anali ndi masheya ochepa kuposa ofunika, potsika anali nawo ochuluka.

N'chifukwa chake kutchinjiriza kumeneku ndi ntchito yobwereza. Pa madola 54 deluta yafika 0.72, ndiye ayenera kugula masheya ena 190 kuti akwane 720. Mawa lake sheya ikabwerera pa 50, deluta imabwereranso cha m'ma 0.53, ndipo masheya 190 aja ayenera kuwagulitsa. Anawagula pa 54, wawagulitsa pa 50, madola 760 apita, chonsecho sheya ili pomwe inayambira ndipo opushoni sinatsike mtengo kwenikweni. Wogulitsa opushoni amakakamizika kugula zitakwera ndi kugulitsa zitatsika, zomwe wamalonda aliyense amaphunzitsidwa kupewa. Ndalama imene analandira pachiyambi ija kwenikweni ndi malipiro a zoluza zimenezi.

Chimene chimamubwezera ndi nthawi. Tsiku lililonse likadutsa opushoni imatsika mtengo chifukwa mpata woti sheya iyende wachepa. M'chitsanzochi masiku oyambirira opushoni imatsika ndi madola pafupifupi 16 patsiku pa masheya onse 1,000, ndipo imeneyo ndi phindu la woigulitsa. Sheya ikayenda ndi masenti 80 patsiku, mbali iliyonse, zoluza za gama zimakhala madola pafupifupi 17, ndiye ziwirizi zatsala pang'ono kufafanizana. Ikamayenda zochepera pamenepo wamalonda akupeza kenakake, ikamayenda zoposa akudya mpamba. Apa ndi pamene amadziwira ngati anagulitsa opushoni pa mtengo wabwino: amayerekeza kugwedezeka kumene kukuchitikadi ndi 30 peresenti imene mtengo unawerengeredwa. Ngati madzulo aliwonse mabuku akusonyeza kuluza pamene deluta inali pa 0, kawirikawiri ndiye kuti sheya ikugwedezeka kuposa mmene anaganizira.

Kodi asinthe masheya kangati? Masamu a Black ndi Scholes amatenga ngati munthu angathe kusintha mphindi iliyonse popanda kulipira kanthu. Pa msika weniweni kugula kulikonse kuli ndi komishoni ya buloka, komanso mtengo wogulira umaposa wogulitsira. Wosintha pafupipafupi amatha ndalama ndi malipiro, wosintha patalipatali amasiya zibowo ngati zija za 380 ndi 420. Ambiri amasintha kamodzi patsiku, kapena amaika malire n'kuchitapo kanthu pokhapokha deluta yonse ikawadutsa.

Tsiku lomaliza likamayandikira, deluta imathamangira ku 1 kapena ku 0. Ngati sheya yakhazikika pamwamba pa 50, wamalonda amakhala atagula pang'onopang'ono mpaka masheya 1,000, ndipo amawapereka kwa wogula pa madola 50 iliyonse. Ngati ili pansi, amakhala atawagulitsa onse ndipo opushoni imangotha. Povuta ndi pamene sheya ikuzungulira pa 50 penipeni m'maola omaliza. Gama imakula kwambiri, moti kusuntha kwa masenti ochepa kungachotse deluta pa 0.3 kuipititsa pa 0.7, ndipo munthu angagule ndi kugulitsa masheya mazana angapo kangapo tsiku limodzi. Ambiri amaona kuti n'kwanzeru kungogulanso opushoniyo n'kutseka nkhani nthawi isanafike pamenepo.

Pali zinthu ziwiri zimene masheya sangatchinjirize. Choyamba ndi kudumpha kwa mtengo. Kampani ikalengeza zotsatira zake msika utatsekedwa, sheya imatha kutsegulira kutali m'mawa mwake popanda kudutsa mitengo ya pakati, ndipo palibe mpata wosinthira. Pa 19 Okutobala 1987 mlozo wa Dow Jones unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, ndipo mabungwe amene ankadalira kugulitsa pang'onopang'ono mitengo ikamatsika anapeza kuti ogula asowa, pamene kugulitsa kwawo komweko kunkawonjezera kugwako. Chachiwiri ndi kusintha kwa maganizo a msika pa za kugwedezeka. Msika ukayamba kuyerekeza 40 peresenti m'malo mwa 30, opushoni ija imadula kuchoka pa madola atatu kufika pafupifupi anayi sheya ili pomwepo pa 50. Wamalonda waluza madola 1,000 ndipo masheya ake 530 sanamubwezere kalikonse. Zoopsa ziwirizi zimachepetsedwa pogula maopushoni ena a sheya yomweyo, chifukwa iwo ndiwo ali ndi gama ndipo mtengo wawo umakwera limodzi ndi chiyerekezo cha kugwedezeka. Akatero wamalonda amawerengeranso deluta ya zonse zimene ali nazo, n'kugula kapena kugulitsa masheya okwanira kuibwezera pa 0.