Nyimbo ya agogo amene ayamba kuiwala

M'mabanja ambiri muli agogo amene masiku ano amafunsa funso limodzi kasanu pa tsiku, amaitana mdzukulu ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale, ndipo dzuwa likapendeka amamanga kamtolo ka zovala n'kunena kuti akupita kwawo, chonsecho ali pakhomo pawo pomwe. Achipatala amatcha vutoli dimenshiya, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi matenda a Alzheimer, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Kumudzi nthawi zambiri amangoti ndi ukalamba, kapena poipitsitsa amati ndi ufiti, ndipo agogo ena azunzidwapo chifukwa cha mawu osokonekera amene matendawa amawalankhulitsa.

Koma amene amasamala odwala otere amadziwa chinthu china chodabwitsa. Agogo omwewo amene sakukumbuka ngati adya nsima masana, wina akangoyambitsa nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, amailandira n'kuimba mavesi onse osaphonya liwu. Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Matenda a Alzheimer amayamba ndi kuwononga mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano, n'chifukwa chake za m'mawa uno zimatayika msanga kusiyana ndi za kale. Mu 2015, akatswiri a ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig anaonetsa kuti mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamamva nyimbo yoidziwa kalekale zimachedwa kuwonongeka ndi matendawa. Nyimbo siichiza matendawa, ndipo siibwezeretsa zimene zatayika. Imene ingathe ndi kukhazika mtima pansi, kuchepetsa kukhumudwa, ndi kupatsa agogo ndi owasamala mphindi zina zomvana. Izi zimatheka pokhapokha nyimboyo ikhale yawo, ndipo apa ndi pamene ambiri timaphonya.

Timaphonya chifukwa timasankha ndi makutu athu. Mdzukulu wa zaka makumi awiri akamva zoti "nyimbo zakale", amaganiza za Lucius Banda kapena Evison Matafale, popeza kwa iye zimenezo ndiye zakale. Koma agogo amene anabadwa mu 1948 anali atapitirira kale zaka 40 pamene nyimbo zimenezi zinkatchuka. Akatswiri a za kukumbukira anaona kalekale kuti okalamba amakumbuka bwino kwambiri zimene zinawachitikira kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 10 kufikira 30: nthawi ya chinamwali, ya chibwenzi, ya ukwati ndi mwana woyamba. Choncho ntchito yoyamba ndi masamu osavuta. Tengani chaka chimene anabadwa, muwonjezepo 10, kenaka muwonjezepo 30. Kwa agogo a 1948, zaka zofunika kuzifufuza ndi 1958 mpaka 1978.

Tiyeni tikhale pa chitsanzo chomwechi. Tiyerekeze kuti ndi agogo aakazi a ku Dedza, a mpingo wa CCAP, amene anakhala zaka zambiri m'Chigwirizano cha amayi, ndipo amuna awo anapitako ku Joni pa Wenela. M'zaka zimenezo ankamva chiyani? Wayilesi ya MBC inayamba mu 1964, ali ndi zaka 16, koma si nyumba iliyonse inali ndi wayilesi. Ngati pakhomo panalibe, nyimbo za kwela za Daniel Kachamba kapena banjo ya Allan Namoko mwina sizingawagwire mtima ngati mmene zingagwirire mnzawo amene anakulira ku Ndirande. Nyimbo zawo zenizeni zingakhale zimene ankaimba ndi pakamwa pawo: za pamtondo posinja chimanga, za chimtali pabwalo mwezi ukawala, zotonthoza mwana kumsana, za kusukulu ya mkaka ndi za kutchalitchi. Nyimbo imene munthu anaimba yekha kambirimbiri, thupi likugwedezeka nayo, imakhazikika mozama kuposa imene anangoimva ikudutsa. Ndipo ngati amuna awo anabwera ndi galamafoni kuchokera ku Joni, monga ankachitira ambiri, mwina panalinso mbale za simanjemanje kapena za Jim Reeves zimene ana awo sakuzidziwa n'komwe.

Ana ndiwo amadziwa zochepa za unyamata wa makolo awo. Amene mungawafunse ndi anzawo a msinkhu umodzi: mchemwali kapena mlongo wawo ngati alipo, amayi amene anavinidwa nawo limodzi, anzawo a kwaya kapena a Chigwirizano. Afunseni mafunso enieni. Pa ukwati wawo panaimbidwa chiyani? Akamatsuka mbale ankang'ung'udza nyimbo iti? Pa mapemphero a Lachinayi ankakonda kuyambitsa nambala iti? Agogo eni akewo musawafunse kuti "mukuikumbuka nyimbo yakuti?" Funso lotero ndi mayeso, ndipo munthu amene akudziwa kuti mutu wake sukugwira bwino amachita manyazi kapena kupsa mtima. Ingoyambani kuimba chapansipansi muli nawo pamphasa, mukutongola chimanga kapena kusankha nyemba, n'kuona chimene chichitike.

Chilankhulo nachonso chili ndi mbali yake. Matendawa akamakula, ena amabwerera ku chilankhulo chimene anayamwira. Agogo amene akhala ku Lilongwe zaka 50 akulankhula Chichewa angayambenso kuyankha m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Nyimbo ya Mulungu yomweyo, ikaimbidwa m'chilankhulo cha ubwana wawo, ingawafike pamene ya Chichewa yalephera. Chimodzimodzi kaimbidwe: nyimbo yakale imene oimba amakono aijambulanso ndi kiyibodi ndi ng'oma zothamanga, kwa agogo ingamveke ngati yachilendo. Funani kaimbidwe kamene iwo ankakadziwa, kodekha, kopanda zokometsera.

Pali nyimbo zodziwika bwino zimene zimatsegula mabala. Taganizirani nyimbo za mbumba za nthawi ya Kamuzu. Kwa agogo athu a ku Dedza zingawakumbutse utsikana, nsalu yatsopano, ulendo wa pa lole ndi anzawo kukavina ku sitediyamu, ndipo angadzuke n'kuyamba kuponda sitepe. Koma kwa agogo a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique m'ma 1970, kapena kwa mayi amene mwamuna wake anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, nyimbo zomwezo ndi mantha okhaokha. Munthu wodwala matendawa sangathe kudziuza kuti zimenezo zinapita. Kwa iye zingakhale ngati zikuchitika tsopano. Nyimbo za Mulungu nazo muzisamale, chifukwa kwathu kuno zambiri zokoma timaziimba pa maliro usiku wonse. Imene inaimbidwa potsitsa bokosi la mwana wawo ingawachititse kufunsa kuti wamwalira ndani, n'kuyamba kulira maliro atsopano.

Si misozi yonse imene ili yoipa, ndipo kusiyanitsa kwake kumafuna maso. Ngati misozi ikutsika koma nkhope ili yomasuka, milomo ikutsatira mawu, dzanja likuomba pabondo kapena lagwira lanu, asiyeni amalize nyimboyo. Koma mukaona akukunga nsidze, akufinya nsalu m'manja, akupuma mofulumira, akuyang'ana kukhomo kapena akufuna kudzuka kuti athawe, lekani pomwepo, musadikire kuti vesi lithe. Lembani m'kope nyimbo imene yawasangalatsa ndi imene yawavuta, kuti aliyense wowasamala adziwe. Nyimbo khumi kapena khumi ndi zisanu zoyesedwa bwino n'zokwana. Kubwereza kumatopetsa inu, osati iwo.

Nthawi yoimbira ndi yofunika ngati nyimbo yeniyeniyo. Odwala ambiri amasokonezeka kwambiri chakumadzulo, ndipo ndi pamene agogo athu amamanga kamtolo kaja. Namwino wina wa ku America, Linda Gerdner, amene anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, analangiza kuti nyimbo ziyambe pafupifupi mphindi 30 nthawi yovutayo isanafike, ndipo ziimbidwe kwa mphindi ngati 30. Ndiye ngati mwaona kuti agogo amayamba kutekeseka cha m'ma 5 koloko, khalani nawo pansi cha m'ma hafu pasiti folo. Mukadikira mpaka atafika kale pa mpanda ndi kamtolo kumutu, nyimbo imangokhala phokoso lina lowonjezera pa chisokonezo. Zikatero, yambani ndi kuyenda nawo pang'ono mukuimba yothamanga mogwirizana ndi mapazi awo, kenaka muzitsitsa liwiro mpaka mufike pa yodekha. Nthawi ya kusamba, imene imabweretsa mikangano m'nyumba zambiri, nayonso imafewa wosambitsayo akamaimba.

Nanga ziimbidwe pa chiyani? Ine ndimaika pakamwa patsogolo. Munthu woimba amatha kuchedwetsa nyimbo agogo akatsalira, kubwereza kolasi imene yawakomera, ndi kuleka akaona nkhope yasintha. Mawu anu sayenera kukhala a kwaya. Ngati mukufuna zojambulidwa, kawayilesi ka memori khadi kamene kamagulitsidwa m'misika n'kokwana, ndipo anyamata obena nyimbo pa tauni angakuikireni zimene mwasankha zokhazo. Akanizeni akafuna kudzaza khadi ndi mazana a nyimbo zina ngati basera. Kungotsegula wayilesi tsiku lonse si njira yabwino. Pakati pa nyimbo pamabwera otsatsa malonda ofuula, nkhani za ngozi ndi mauthenga a maliro, ndipo agogo angaganize kuti anthu olankhulawo ali m'nyumba momwemo. Nyimbo zolira kuyambira m'mawa mpaka usiku zimasiyanso kumveka ngati nyimbo. Zimitsani TV, tulutsani ana aphokoso, ndipo kumbukirani kuti okalamba ambiri samva bwino: yandikizani kawayilesiko ku khutu limene limamva, m'malo mokweza mawu mpaka kusokosa. Zomvera za m'makutu ena zimawaopsa, chifukwa saona kumene mawu akuchokera.

Mndandandawo usakhale wosasinthika. Nyimbo imene inkawavinitsa chaka chatha ingadzasiye kuwagwira, ndipo matenda akafika patali, kawirikawiri zimene zimatsala ndi zoyambirira zenizeni, za ubwana ndi za pemphero. Pamenepo yankho lawo lingakhale laling'ono, chala chogunda pa mkono wa mpando kapena mpweya wotsika bwino, koma ndi yankho ndithu.

Tsiku limene nyimbo zawo zonse zakanika, musaumirire. Nthawi zambiri agogo osakhazikika amakhala kuti akumva kuwawa penapake, ali ndi njala kapena ludzu, adzimbidwa, kapena akufuna kupita kuchimbudzi koma mawu akuwasowa. Ndipo ngati kusokonezekako kwakula mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku awiri, makamaka ngati thupi latentha, akuodzera kwambiri kapena akuona zinthu zimene palibe, musaganize kuti ndi kuiwala kwa masiku onse. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wokwera kapena wotsika amachititsa zimenezi mwa okalamba, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo. Apititseni kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.