Adiresi Yobwereka: Foni Ikafika pa Wi-Fi

Foni ikangolowa pa Wi-Fi imakhala ngati mlendo wopanda malo ogona, chifukwa ilibe adiresi. Imafuula kwa onse uthenga wotchedwa `DHCPDISCOVER`, kufunsa ngati pali woti aibwereke adiresi. Seva ya DHCP, yomwe m'nyumba zambiri ndi rauta yomweyo, imayankha ndi `DHCPOFFER`: nayi `192.168.1.20`, kwa maola 24. Foni imavomera ndi `DHCPREQUEST`, nayonso mofuulira onse, kuti maseva ena amene anapereka maadiresi awo awabweze. Seva imatsimikiza ndi `DHCPACK`.

Koma adiresiyo ndi yobwereka. Pakatha maola 12, theka la nthawiyo, foni imapempha seva yomwe ija kuti iwonjezere nthawi. Ikapanda kuyankhidwa mpaka maola 21, imayamba kufuulira seva iliyonse imene ingamve.

Maola 24 akakwana popanda yankho, foni imasiya adiresiyo n'kuyambiranso pa `DHCPDISCOVER`, ndipo seva ikhoza kuipereka kwa wina. Apa m'pamene anthu amadandaula kuti Wi-Fi ilipo koma intaneti yazima. Kompyuta ya Windows ikaonetsa adiresi yoyamba ndi `169.254`, ndiye kuti yadzipatsa yokha chifukwa seva sinayankhe.