Kupepesa Maliro m'Chisipanishi

Uthenga wopepesa maliro m'Chisipanishi umatchedwa "pésame", ndipo wopita kwa mnzako wa kuntchito amene bambo kapena mayi ake amwalira umakhala waufupi, mizere itatu kapena inayi. Ku Spain maliro sachedwa, kawirikawiri amaikidwa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, choncho uthengawo umatumizidwa tsiku lomwelo.

Wolemba amayamba waganizira za ulemu. Mnzake amene amazolowerana naye amamulembera kuti "Siento mucho la muerte de tu padre", kutanthauza kuti wamva chisoni kwambiri ndi imfa ya bambo ake. Ngati wofedwayo ndi bwana kapena munthu wosazolowerana naye, "tu" amasintha kukhala "su". Kusakaniza mawu awiriwa mu uthenga umodzi kumaoneka ngati mphwayi.

Pena pamene ophunzira amalakwitsa ndi pa chilembo chimodzi chokha. "Padre" ndi bambo, "madre" ndi mayi, koma "padres" ndi makolo onse awiri, kotero wowonjezera "s" amalengeza maliro awiri.

Uthenga wa kwa mnzako umatsekedwa ndi "Un abrazo", kukumbatira kwa m'kalata, kenako dzina la wolemba.